Kushota kwa dilowa si umboni wakuti mwana waba

Anzathu amene muli ndi kashopu ku Ndumbi kapena ku Mbamba Bay kuno, nkhaniyi mukuidziwa. Ife amalonda sitikhala pakaunta. Lero tili ku Mbinga, mawa tawoloka nyanja tili ku Nkhata Bay, pashopu tasiyapo mphwathu kapena mwana wa achemwali. Tikabwera n'kupeza m'dilowa mwashota, mawu oyamba kutuluka ndi akuti waba. Taonapo abale akusiya kulankhulana chifukwa cha ndalama imene ili phee mufoni.

Potseka madzulo pali zinthu zitatu zoti zigwirizane, ndalama ya m'dilowa, ndalama ya pafoni ndi buku la malonda. Ife timayamba ndi buku, dilowa ili chitsekere. Munthu akayamba wawerenga ndalama, mutu umafuna kukokera buku kuti lifanane ndi zimene wapeza.

Titenge tsiku limodzi. Mmawa tinasiya tchenji ya mashilingi 50,000. Buku likuti tagulitsa katundu wa 412,000. Mwa imeneyi, 30,000 ndi ngongole ya asodzi amene adzalipira usipa ukagulidwa, ndipo 140,000 yalembedwa kuti inalipidwa pafoni. Ndiye kuti yapamanja ndi 242,000. Tikuwonjezerapo tchenji ija, komanso 20,000 imene wina wabweza pa ngongole ya sabata yatha. Ya ngongole yakaleyi isalowe m'malonda a lero, ili ndi mzere wakewake. Tikuchotsapo 15,000 imene tinalipira otsitsa katundu. M'dilowa muyenera kupezeka 297,000.

Tsopano titsegule dilowa. Timasanja ma 10,000 paokha, ma 5,000 paokha mpaka pansi, ndipo timawerenga anthu awiri. Yapezeka 272,000. Yashota 25,000.

Apa mpamene ambiri amayamba kukalipa, koma foni sinafunsidwe. Pafoni sitiwonkhetsa mameseji, timayang'ana balansi yeniyeni. Mmawa inali 60,000, madzulo ili 225,000, ndipo palibe chimene tatulutsa tsiku lonse. Yalowa 165,000 pamene buku likuti 140,000. Yapyola ndi 25,000, ndendende imene yasowa m'dilowa.

Titatsata mndandanda wa ndalama zolowa tinapeza 35,000 ya dalaivala wina amene anangogula katundu wa 10,000. Anapeza wakala, amene ku Malawi timati ejenti, alibe ndalama yapamanja, ndiye anapempha mwana kuti atumize yambiri, yotsalayo ampatse m'manja. Mwana anathandiza kasitomala, koma sanalembe. Madalaivala, sitikukudani, inu ndi amene mumatibweretsera katundu. Komabe dziwani kuti ndalama ija tikamakaitapa kwa wakala amadula ndife, ndipo tchenji ya mawa yachepa. Kwathu tinagwirizana kuti zotere zizilembedwa pomwepo, dzina la munthu ndi ndalama yake, ndipo munthuyo awonjezere yodulidwa ija.

Kushota koopsa ndi kwina. Dilowa ikakwana bwinobwino koma foni n'kuchepa poyerekeza ndi buku, pamenepo ndalama sinafike. Mwina kasitomala analakwitsa nambala, mwina anaonetsa mwana meseji ya mufoni yake, mwanayo n'kukhulupirira. Meseji yabodza imafanana kwambiri ndi yeniyeni, kungoti kawirikawiri imachokera pa nambala wamba ya munthu, osati pa dzina la kampani, ndipo balansi yathu sisuntha. Kunyanja kuno netiweki imathawa, meseji yoona nayonso imatha kuchedwa, n'chifukwa chake mwana akakayika aone yekha balansi, *150*00# pa M-Pesa kapena *150*60# pa Airtel Money, katundu asanachoke pakaunta. M'buku alembe nthawi ndi zilembo zinayi zomaliza za nambala ya risiti ya mumeseji. Madzulo kufufuza kumangotenga mphindi zochepa.

Zonsezi zimatheka ngati foni ya shopu ndi ya shopu basi. Layini imene mukulandirirapo za malonda, mukugulirapo mayunitsi, mukutumizirapo mwana wa kusukulu, balansi yake siingakuuzeni kanthu. Tengani Lipa Namba kapena layini ina yapadera, ndipo balansi ya mmawa ilembedwe pamwamba pa tsamba, pafupi ndi tchenji. Amene muli ndi malayini awiri, iliyonse ikhale ndi mzere wake.

Makwacha amene amabwera ndi anthu ochokera kutsidya sitiwaika m'dilowa. Ali ndi envulopu yawo, ndipo pamwamba timalembapo kuti ndi angati komanso tawalandira pa mtengo wanji tsiku limenelo. Powerengera, envulopuyo imalowa pa mtengo umene walembedwawo, osati umene tidzasinthire mawa. Phindu kapena kuluza kwa posintha ndi kwathu eni shopu, mwana wa pakaunta sizimukhudza.