Mlandu umodzi, maina awiri

Ndikakhala kwathu ku Likuni, mabuku a Malawi Law Reports sindiwapeza. Zigamulo ndimawerenga pa foni, pa MalawiLII. Pamenepo mpofunika kusamala, chifukwa ukasaka mlandu wa chisankho cha 2019 pamatuluka zigamulo ziwiri zamaina ofanana, ongotembenuzidwa.

Cha pa 3 Febuluwale 2020 ndi cha Bwalo Lalikulu: Chilima and Chakwera v Mutharika and Electoral Commission, Constitutional Reference No. 1 of 2019. Odandaula ndiwo ali kutsogolo. Ogonja atachita apilo, maina awo ndiwo anatsogola: Mutharika and Electoral Commission v Chilima and Chakwera, MSCA Constitutional Appeal No. 1 of 2020, cha pa 8 Meyi.

Anzanga ena amati ndi mlandu umodzi womwewo, bwanji kudzivutitsa? Ine sindivomereza. Tinene kuti mukulemba zoti wopambana upulezidenti azipeza mavoti oposa theka. M'chaka cha 2000, pa mlandu wa Chakuamba, bwalo la apilo linagamula kuti kuposa anzako nkokwanira. Mukatchula chigamulo cha Febuluwale chokha, aphunzitsi akufunsani kuti bwalo laling'ono lingafafanize bwanji mawu a lalikulu. Chomwe chinatseka nkhaniyo ndi cha Meyi.

Choncho musangodalira maina. Pa MalawiLII onani zilembo zotsatira chaka: MWHC ndi Bwalo Lalikulu, MWSC ndi la apilo. Lembaninso tsamba kapena ndime pomwe pali mfundoyo. Chigamulo cha Febuluwale chili ndi masamba mazanamazana, ndipo wochonga sangakusakireni.