Galu wolusa si mlonda

Kwathu ku Nkhotakota, munthu akagula kagalu malangizo amabwera okha osawapempha. Wina ati kaikireni tsabola m'chakudya. Wina ati kasutitseni chamba, poti boma lathu linatchuka nacho kale. Langizo lofala kwambiri ndi lakuti muzikatsekera m'khola usana wonse kuti kasaone munthu, mukatsegulire usiku wokha, ati kakazolowera anthu kakhala kopusa. Ine ndimatsutsa zonsezi, makamaka lachitatuli, chifukwa limamveka lanzeru pamene ndi lomwe limapanga agalu oluma ana.

Galu amene sanaonepo anthu osiyanasiyana sadziwa kusiyanitsa mlendo wabwino ndi wakuba. Kwa iye aliyense ndi chilombo. Ukali womwe timautamawo nthawi zambiri amakhala mantha, ndipo galu wamantha amaluma amene wamuyandikira: mwana wotola mpira, mayi wodzapempha moto. Wakuba weniweni samuyandikira, amangoponya mutu wa nsomba patali n'kupitiriza ntchito yake.

Pakhomo pathu, pafupi ndi Linga, mayi amagulitsa usipa wouma. Masana pamadutsa anthu ambiri: amayi oitanitsa, akabaza, ana a sukulu, asodzi atanyamula nkhafi. Usiku pamathandala pamatsala nsomba za ndalama zambiri. Tinkafuna galu woti masana azigona pamthunzi anthu akudutsa, usiku aziuwa wina akafika kumathandala. Ntchito yomulera inagwera ine chifukwa anabwera ndili pa holide yaitali. Tinamutcha Kambuku.

Nthawi ndiyo inali yofunika kuposa china chilichonse. Odziwa za khalidwe la agalu amagwirizana kuti kuyambira masabata atatu mpaka cha m'ma 12 kapena 14, kagalu kamalandira zinthu zachilendo mosavuta. Ikadutsa nyengo imeneyi, chimene sikanachione kamayamba kuchikayikira. Kambuku anabwera ali ndi masabata asanu ndi atatu, choncho ndinali ndi mwezi umodzi ndi theka basi. Ichi n'chifukwa chake khola lija limawononga kwambiri: limadya masabata omwewo amene sabwereranso.

Panali vuto limodzi. Pa msinkhu umenewo kagalu kamakhala kasanamalize katemera, ndipo matenda otsegula m'mimba mwa magazi amapha tiagalu tambiri tikanunkhiza ndowe za agalu ena. Ndiye kugombe ndinkapita naye nditamunyamula m'manja, osamutsitsa. Ankaona mabwato, kumva injini, kuona nyali za asodzi madzulo. Anthu ankandiseka, ati mwana wa ku yunivesite wabereka galu. Ndinkaseka nawo.

Pakhomo ndinkachita chonchi. Thumba la kabudula limakhala ndi usipa wodukaduka. Munthu akalowa pageti ndinkamupempha kuti asamutsatire Kambuku, asamuweramire, asamuyang'anitsitse m'maso. Angoima cham'mbali n'kuponya kausipa pansi. Kagalu kasankhe kokha kuyandikira. Kakakana, munthuyo apitirize ulendo wake. Tsiku lililonse anthu awiri kapena atatu ankakwanira, mphindi zochepa aliyense. Chofunika chinali kusiyana kwa anthuwo, chifukwa galu saona “munthu” monga momwe ife timaonera. Bambo wovala mkanjo ndi chipewa, gogo wa ndodo, mayi wosenza dengu pamutu, wakabaza ali pa njinga, mwana wothamanga akukuwa: kwa galu izi ndi zolengedwa zisanu zosiyana.

Nkhafi ndiyo inamuvuta. Msodzi wina atalowa nayo paphewa, Kambuku anabwerera m'mbuyo, mchira pakati pa miyendo, ndipo usipa anaukana. Kukana chakudya chimene amachikonda ndi chizindikiro chakuti mantha apitirira ndipo palibe chimene akuphunzira. Sindinamukokere pafupi. Ndinabwereka nkhafi yakale n'kuigoneka pansi kumapeto kwa bwalo, n'kumamudyetsa patali pomwe ankatha kuiona koma akudya. Tsiku lililonse mbale inkasendera pafupi. Patapita masiku angapo ankaidumpha, kenako mchimwene wanga anainyamula n'kumayenda nayo patali, ine ndikupatsa usipa. Tsopano msodzi amadutsa iye osadzuka n'komwe.

Pali chinanso cha kwathu kuno chimene mabuku a azungu sangakuuzeni. Aneba athu ambiri ndi Asilamu, ndipo ambiri mwa iwo safuna kuti galu awanyambite kapena kukhudza zovala zimene apite nazo ku mzikiti. Kotero cholinga changa sichinali galu wokondwerera aliyense, wodumphira alendo. Ndinkafuna galu wosalabadira. Ndinamuphunzitsa kuti mlendo akakhala pakhonde, iye apite pa chiguduli chake pansi pa mtengo wa mango, ndipo mphotho ankailandirira pomwepo, kuchokera kwa ife apakhomo. Atakula pang'ono tinasiyiratu zoti alendo azimupatsa chakudya.

Funso limene malume ankandifunsa tsiku ndi tsiku linali lakuti, “Nanga mphwanga, galu wodziwana ndi mudzi wonseyu adzauwa ndani?” Yankho linabwera lokha. Mtima woteteza malo sumaphunzitsidwa ndi nkhanza, umadza galu akamakhwima, ndipo kwa Kambuku unaoneka akuyandikira chaka. Popeza ankadziwa bwino mmene tsiku labwinobwino limakhalira, chachilendo chinkamuonekera msanga: munthu wobwera pakati pa usiku, wodzera kuseri kwa mpanda m'malo mwa pageti, woima osalankhula. Ntchito yanga inali kumupatsa polekezera. Akauwa, mmodzi wa ife amatuluka ndi tochi, kuyang'ana, n'kunena kuti “Basi,” kenako kumuitana ndi kumuyamika akabwera. Amadziwa kuti yake ndi kuitana eni nyumba, zotsalazo ndi zathu.

Mungadziwe bwanji kuti galu wanu walowera kolakwika? Woteteza amauwa ataima poonekera, ndipo mwini akalonjerana ndi mlendo thupi limafewa, amakagona. Wamantha amauwa akubwerera m'mbuyo, makutu atagonera kumbuyo, amanyambita milomo, kuyasamula asali ndi tulo, kutembenuza mutu mpaka maso oyera kuonekera. Amakonda kuluma kumbuyo kwa mwendo munthu akatembenuka. Choopsa kwambiri ndi galu wouma thupi mwadzidzidzi n'kukhala chete. Ndipo galu akalira cha pakhosi n'kuonetsa mano, musamumenye. Limenelo ndi chenjezo. Mukalithetsa ndi chikwapu mantha amatsala, chomwe chachoka ndi chenjezo lokha, ndiye tsiku lina adzaluma osanena. Chotsani mwanayo kapena mlendoyo, kenako fufuzani chimene chinamuopsa. Tcheni cha tsiku lonse nachonso chimaipitsa zinthu, poti galu wosatha kuthawa amatsala ndi mano okha, ndipo ana odutsa amamugenda.

Njira imeneyi ili ndi malire. Galu wamkulu amene waluma kale anthu sasintha ndi usipa wa m'thumba. Amafunika mpanda wolimba, ndi kumutsekera kukabwera alendo. Ngakhale Kambuku sitimusiya yekha ndi mwana wokwawa, ndipo akamadya palibe amene amamusokoneza. Katemera wa chiwewe analandira ali ndi miyezi itatu kwa alangizi a ziweto, ndipo timabwereza chaka chilichonse. Galu wofatsa akasintha mwadzidzidzi, kuyamba kuluma chilichonse ndi kuchucha dovu, imeneyo si nkhani ya maleredwe. Mutsekereni, itanani a zaziweto, ndipo amene walumidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, apite kuchipatala tsiku lomwelo.