Lolemba m'mawa, foni ndi kope pa tebulo lodulira nsalu

Shopu yanga ili m'kamsewu kopatuka mu Dumbarton Road, kuno ku Partick, ulendo wa mphindi zochepa wapansi kuchokera pa siteshoni pamene pamakumana sitima, mabasi ndi sitima ya pansi pa nthaka ija. Ndimasoka. Ndimafupikitsa mathalauza ndi makatani, ndimaika mazipi atsopano pa majekete a mvula, ndipo mpata ukapezeka ndimasoka zikwama ndi maepuloni a chitenje. Lolemba ndimatsegula 10 koloko, koma ndimafika ola limodzi isanakwane nthawiyo. Ndimatereka ketulo, n'kusuntha sizasi ndi choko pa tebulo lodulira nsalu, n'kuikapo zinthu zitatu: foni, kope la mizere ndi buku la malisiti. Kwa mphindi makumi awiri ntchito yanga imakhala yowerenga mavidiyo a katundu wanga, kuti ndione amene akoka anthu kubwera pakhomo ndi amene angopanga phokoso.

Mwambo umenewu ndinauyamba nditapsa. Chaka china m'chilimwe ndinajambula vidiyo ya masekondi 24, ndikuonetsa chikwama cha chitenje chofiira ndi chachikasu, mawu a pansi ndinalemba m'Chichewa, ndipo ndinaiponya m'mamawa ndisanachoke kunyumba. Pofika madzulo foni inali kungonjenjemera m'thumba. Patatha sabata, pa `Views` panalembedwa 14,200, ine amene ndinazolowera 400 kapena 500. Mtima unakwera m'mwamba. Ndinatulutsa nsalu zonse zimene mchemwali wanga ananditumizira kuchokera ku Limbe, n'kusoka zikwama makumi awiri usiku ndi usana, ntchito za makasitomala ndikuzikankhira mawa. Mwezi wonse ndinagulitsa ziwiri. Zina zija zinakhala pa shelefu mpaka Khirisimasi.

Mwana wanga wamkazi ndi amene anatenga foni n'kutsegula tsamba limene ine ndinali ndisanaliyang'anepo, losonyeza mayiko ndi mizinda ya oonera. Anati, "Amayi, taonani apa. Anthu anuwa ali ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Joni. Abwera bwanji kudzagula chikwama ku Partick?" Ndinazindikira pamenepo zimene zinachitika. Nthawi ya ku Malawi imakhala patsogolo ndi ola limodzi m'chilimwe cha kuno, ndi maola awiri m'nyengo yozizira. Pamene ndinkaponya vidiyo ija anthu a ku Glasgow anali akadali m'mabulangete, koma abale anga kumudzi anali atadzuka kale. Iwo ndi amene anayamba kuiona ndi kugawana, ndipo pulogalamu ikaona kuti anthu a mtundu wina aikonda vidiyo, imaipititsa kwa ena ofanana nawo. Inayenda bwino ndithu, koma inalowera njira ya ku Chileka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsopano m'kope mwanga vidiyo iliyonse ili ndi mzere wake umodzi. Ndimaponya mavidiyo awiri pa sabata, Lachiwiri ndi Lachisanu, pa Instagram ndi pa TikTok, ndipo sindilemba vidiyo imene sinathe sabata yathunthu. Izi zikutanthauza kuti Lolemba lililonse ndimalumpha a sabata yangothayi n'kulemba a sabata inayo, amene ali ndi masiku 13 ndi 10. Poyamba ndinkayerekeza vidiyo ya dzana ndi ya mwezi watha, n'kumadandaula kuti yatsopanoyi yakanika, pamene inali isanayambe n'kuyenda komwe. Ikapitirira sabata nambala zambiri zimakhala zitakhazikika, ndipo kuyerekeza kumakhala kwachilungamo. Pakati pa sabata ndimayankha mauthenga a anthu, koma tsamba la nambala sindilitsegula. Ndinaona kuti kusuzumira pafupipafupi kumandidyera nthawi ya pa makina, ndipo kumandichititsa kusintha zinthu zimene sizinalakwike.

Nambala ya oonera ndimailemba, koma ndi yomwe ndimaikhulupirira pang'ono kuposa zonse. Pa TikTok vidiyo ikangoyamba kusewera pa sikirini ya munthu, yawerengedwa kale, ngakhale chala chake chiidutse nthawi yomweyo. Pa Instagram munthu mmodzi akaonera kawiri, zonse ziwiri zimalowa mu `Views`. N'chimodzimodzi kuwerenga anthu odutsa pa windo la shopu Loweruka masana: ndi ambiri, koma ambiriwo akuthamangira basi.

Imene ndimakhalapo nthawi ndi `Average watch time`, kutanthauza masekondi amene munthu mmodzi amakhala akuonera, tikaphatikiza onse n'kugawa mofanana. Payokha nambalayi sinena kanthu mpaka uiike pambali pa kutalika kwa vidiyo. Ya chikwama ija inali ya masekondi 24, ndipo anthu ankakhalapo masekondi 5. Chikwamacho ndinachionetsa bwinobwino, ndi mtengo wake, cha pa sekondi ya 15, nditayamba ndapereka moni, ndamwetulira, ndafotokoza kumene nsalu inachokera. Ambiri mwa anthu 14,200 aja sanachione n'komwe chikwama. Choncho m'kope ndimalemba nambala ziwirizi pamodzi, 5 pa 24, ndipo pambali ndimalemba sekondi imene katundu akuonekera. Katundu akamaonekera anthu atachoka kale, vuto lili pa chiyambi cha vidiyo. Mtengo ndi nsalu ndimazisiya momwe zilili.

Kenaka ndimalemba `Saves`, anthu amene asunga vidiyo kuti adzaipezenso. Pa ntchito ngati yanga nambala imeneyi ndi ya mtengo wapatali, chifukwa palibe amene amasunga vidiyo ya zipi kuti asangalale nayo. Amasunga chifukwa jekete yake ili pa msomali kunyumba, zipi itasiya kugwira. Timitima tija sindilemba, chifukwa alamu anga ndi amayi a kutchalitchi amadina kamtima pa chilichonse chimene ndaponya, ndipo ndimawayamikira, koma lendi ya shopu siilipidwa ndi timitima. Pomaliza pa foni ndimayang'ana malo. Ndimalemba kumene kuli oonera ambiri. Pakakhala Glasgow kapena United Kingdom pamwamba, ndimachonga. Pakakhala kwina, nambala zonse za mzere umenewo ndimaziwerenga mosamala.

Gawo lotsiriza la mzere foni silingandiuze. Pafupi ndi makina olipirira ndinamata kapepala, ndipo kasitomala watsopano aliyense ndimamufunsa m'Chingerezi kuti watidziwa bwanji. Akati waona vidiyo, ndimafunsa kuti iti, n'kulemba kandodo pa dzina la vidiyoyo. Lolemba ndimawerenga tindodoto, n'kutsegula buku la malisiti kuti ndione ndalama zimene anthuwo anasiya.

Mwezi wa Okutobala, mvula ya ku Glasgow itayambiranso mwamphamvu, ndinajambula vidiyo ya masekondi 20. Sindinaonetse nkhope. Foni ndinaitsamiritsa pa chitini cha mabatani, ikuyang'ana manja anga okha. Sekondi yoyamba ikuonetsa zipi ya jekete yobiriwira ikukanuka pakati, kenaka ndikumasula ulusi wakale ndi kampeni kosomolera, kukhoma zipi yatsopano ndi mapini, singano ikutsika m'mbali mwa mano a zipi, ndipo pomaliza chala chikukoka zipi mpaka pa khosi. Pa sikirini ndinalemba m'Chingerezi mtengo, mapaundi 18, ndi mawu oti Partick. Ndinaiponya Lachiwiri cha m'ma 6 koloko madzulo, anthu ali m'sitima kuweruka. Mzere wake m'kope poyamba unkanena kuti oonera 640, masekondi 14 pa 20, osunga 31, mzinda woyamba Glasgow, mauthenga 7, obwera pakhomo 5. Anthu asanu pa mapaundi 18 ndi mapaundi 90, ndipo awiri mwa iwo anabweranso ndi mathalauza ofupikitsa. Pa anthu 100 alionse oonera, pafupifupi asanu anasunga. Vidiyo ya chikwama ija anaisunga anthu 40 mwa 14,200, osakwana mmodzi pa 300. Mizere iwiriyi ndinaizunguliza ndi bolopeni yofiira, ndipo ndikayamba kusirira nambala zikuluzikulu za mashopu ena ndimabwerera pa tsamba limenelo.

Ndikamaliza kulemba ndimasankha chinthu chimodzi chokha choti ndisinthe sabata imeneyo, n'kuchilemba pansi pa tsamba. Chikhale chimodzi. Nthawi ina ndinasintha zonse pakamodzi, nthawi yoponyera, nyimbo, kutalika ndi mawu a pansi. Vidiyo inayenda bwino, koma sindinathe kubwereza chifukwa sindinadziwe chimene chinagwira ntchito. Tsopano ndikati sabata ino katundu aoneke m'sekondi yoyamba, zina zonse zimakhala momwe zinalili, ndipo ndimachita chimodzimodzi mavidiyo anayi ndisanagamule. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Nambala za shopu yaing'ono n'zochepa kwambiri, moti makasitomala asanu sabata ino ndi atatu sabata yamawa si umboni wa kanthu. Mwina kunangogwa mvula yamphamvu Loweruka anthu n'kukhala m'nyumba.

N'chifukwa chake m'mphepete mwa tsamba ndimalembamo za sabatayo m'mawu awiri kapena atatu. Mu Seputembala ophunzira a University of Glasgow amadzaza nyumba za lendi kuyambira ku Byres Road mpaka kuno, ndipo ntchito ya makatani imachuluka kaya ndaponya vidiyo kaya ayi. Mu Disembala kumada 4 koloko isanakwane, ndipo mavidiyo ojambula madzulo pansi pa getsi amatuluka achikasu, nsalu yobiriwira n'kumaoneka ngati yakuda. Masekondi oonera akatsika nthawi imeneyo ndimayamba ndaona kuwala ndisanaganize zina. Mlatho wa oyenda pansi wolumikiza Govan ndi Partick utatsegulidwa mu Seputembala 2024, ndinayamba kuona nkhope zatsopano za kutsidya kwa Clyde, ndipo ndikanapanda kufunsa ndikanaganiza kuti ndi mavidiyo anga awabweretsa.

WhatsApp ili ndi kavuto kake. Amalawi anzanga a kuno ndi a ku Edinburgh amene amaoda zitenje za ukwati ndi za chinkhoswe amaona katundu pa `Status`, ndipo zimenezo zimafufutika pakatha maola 24, pamodzi ndi mndandanda wa amene aona. Ndikadikira Lolemba sindipeza kanthu. Choncho ndisanagone ndimalemba nambalayo kuseri kwa kope, podziwa kuti ndi yoperewera, chifukwa amene anazimitsa `Read receipts` saoneka pa mndandanda. Kumeneko ndimawerenga makamaka amene ayankha kuti, "Amayi, mundisungire mamita anayi a chabuluucho."

Palinso ochedwa. Mayi wina wa ku Whiteinch anabwera mu Januwale ndi jekete ya mwamuna wake, n'kundionetsa pa foni yake vidiyo ya zipi ija, imene anaisunga miyezi itatu yapitayo. Ndinabwerera ku tsamba la Okutobala n'kusintha 5 kukhala 6. Kuyambira pamenepo, Lolemba loyamba la mwezi ndimawonjezera mphindi khumi, kubwerera m'mbuyo kukonza mizere yakale, ndipo kumapeto kwa mzere uliwonse ndimasiya mpata wa zala ziwiri. Ikamakwana 10 koloko ndimatseka kope, kuliika m'dirowa ya mabobini, kubwezera sizasi ndi choko pa tebulo, n'kutembenuza chikwangwani cha pa chitseko.