Jinzi imene inakana kudutsa m'ntchafu

Uthengawo unafika Loweruka m'mawa ndikukolezera mbaula. Chinali chithunzi chopanda mawu: jinzi ya buluu itaima pakati pa ntchafu, zipi ili yasaa, dzanja la mwini wake likukokabe lamba. Patapita mphindi ziwiri kunabwera mawu anayi okha: "Achemwali, ndiye nditani pamenepa?"

Jinziyo inali yochokera kwa ine. Ndinaigulitsa K18,000 kwa mphunzitsi wina wa ku Neno amene sitinaonanepo maso ndi maso. Anaiona pa sitetasi yanga ya WhatsApp Lachitatu, nkutumiza ndalama pa Airtel Money, ine nkupatsira kondakitala kajumbo Lachisanu. Ankafuna kuivala Loweruka lomwelo popita ku bulayido shawa ya mnzake.

Ndimagulitsa kaunjika pafoni kuchokera kuno ku Mwanza. Digiri ndili nayo, ili mu envulopu ya khaki pansi pa sutikesi, ndipo amayi anasiya kufunsa za iyo chaka chatha. Belo lathunthu sindikwanitsa, ndiye ndimalawirira ku Limbe tsiku lotsegula mabelo, nkusankha majinzi makumi awiri kapena atatu, nkubwerera pa minibasi madzulo. Ogula anga ambiri sali pa boma pano. Ali ku Neno, ku Zalewa, ku Blantyre, ena tsidya la malire ku Zobue. Palibe amene amayesa chovala asanalipire. Chimene amagula ndi chithunzi ndi mawu amene ndalemba pansi pake.

Chimene chinandiwawa ndi chakuti pa jinzi imeneyi sindinachite ulesi. Za lebulo ndinali nditaphunzira kale kuti siyodalirika. Belo limodzi limasakaniza zovala za mayiko osiyana, ndipo dziko lililonse limawerenga mwa njira yake. Saizi 8 ya ku America ili pafupi ndi 12 ya ku Britain, pamene atsikana ambiri kuno akati "ndimavala 34" amatanthauza kawerengedwe ka ku Joni, komwe 34 ndi 10 ya ku Britain. Kuwonjezera apo chovala cha kaunjika chinakhalapo ndi mwini wake: anachichapa m'madzi otentha chinafupika, kapena anakachibweza kwa telala wakwawo, lebulo nkutsala ikunena zakale. Ndiye ndinatenga tepi. Lebulo inati W30. Nditayala jinziyo patebulo, lamba wake kuchoka mbali ina kufika mbali ina anali mainchesi 15.5, kuchulukitsa kawiri 31. Ndinamufunsa mphunzitsiyo za chiuno chake, anati 30. Ndinalemba monyadira kuti "ikukwanani, inchi imodzi ikutsalanso."

Masanawo ndinapita kwa atelala amene amasoka pakhonde la golosale ina pafupi ndi msika. Ndi bambo achikulire, anandisokera yunifolomu ndili ku pulayimale. Ndinawaonetsa chithunzi, ndikuyembekezera kuti anena kuti kasitomala ananama za chiuno chake. Anachiyang'ana nthawi yaitali, magalasi ali pamphuno.

"Iwe mwanawe, chiuno ndi pakhomo potulukira. Thalauza imayamba yadutsa m'ntchafu ndi m'mahipi isanafike kumeneko. Kumeneko unayeza?"

Sindinayeze. Jinzi itabwerako Lachiwiri, ndalama yake nditabweza ndi ya mayendedwe yomwe, tinaiyala pa tebulo lawo lodulirapo nsalu. Anayamba ndi mahipi: tepi kudutsa mopingasa pamene zipi yathera, pomwe thalauza ili yotakata kwambiri. Anapeza 18.5, kutanthauza 37 kuzungulira. Kenako ntchafu, inchi imodzi kutsika kuchoka pa mphanda, pamene misoko inayi imakumana pakati pa miyendo: 10.5. Ndinamupempha mphunzitsi uja kuti akayezetse thupi kwa telala wa kwawoko, ndipo anavomera, mwina pofuna kudziwa ngati wolakwa anali iye. Mahipi ake anali 41. Munthu wa 41 sangalowe m'nsalu ya 37 imene sitamuka, ngakhale atagona chagada pabedi nkugwira mpweya. Ndipo kalebulo kam'kati, kamene sindinakawerenge, kanali katanena kale kuti nsaluyo ndi thonje lokhalokha, 100%.

Koma muyezo umene unanditsegula maso ndi wina, umene ndinali ndisanauganizepo. Atelala anaika tepi pa mphanda nkukwera nayo kutsogolo, kutsata zipi, mpaka pamwamba pa lamba. Mainchesi 8. Anati ngakhale jinziyo ikanadutsa m'mahipi mwa chozizwitsa, batani silikanatseka. Munthu akamati chiuno chake ndi 30, amayeza pamene thupi lapyapyala kwambiri, chapamchombo kapena pamwamba pake pang'ono. Jinzi yoti ifike pamenepo imafuna msoko wakutsogolowu ukhale mainchesi 11 kapena kuposa. Ya mainchesi 8 imathera m'munsi, mainchesi atatu pansi pake, pamene thupi layamba kale kutambasuka kulowera kumahipi. Pa mphunzitsi uja malo amenewo anali 35. Ndiye 31 wanga anali woona, 30 wake analinso woona, koma tinkanena malo awiri osiyana pathupi limodzi. Ine ndi digiri yanga ndinangoti kukamwa yasaa, ngati zipi ija.

Kumsika vutoli silioneka kwenikweni, chifukwa ogula ali ndi nzeru zawo. Amazunguliza lamba wa thalauza m'khosi, akakumana kumbuyo akuti ikwana. Ena amalowetsa mkono kuchoka pachigongono mpaka pachibakera. Njira ya khosi imagwira kwa anthu ambiri chifukwa khosi limakhala pafupifupi theka la chiuno, koma nayonso imangouza za chiuno basi. Chimene chimawapulumutsa ndi chakuti thalauzayo ili m'manja mwawo: amaikoka, amaiika pathupi, maso amaona okha kuti miyendo yake ndi yopyapyala. Wogula pafoni alibe manja pamenepo. Manja ake ndi ineyo.

Tsopano jinzi iliyonse ndimayamba ndaichapa nkuisita, chifukwa yochoka m'belo imakhala yokwinyika ndipo makwinya amaba theka la inchi. Ndimatseka batani ndi zipi, nkuiyala patebulo, osati pabedi pomwe matiresi amabonkha. Lamba wakumbuyo amakhala wokwera kuposa wakutsogolo, ndiye ndimawalinganiza kaye awiriwo asanakumane ndi tepi, apo ayi nambala imatuluka yochepa. Ndipo pansi pa chithunzi ndimalemba motere:

"Yoyezedwa itayalidwa, mbali imodzi, mu mainchesi. Chiuno 15.5. Mahipi 18.5. Ntchafu 10.5. Mphanda kufika palamba 8, ndi yakhalira m'munsi. Mphanda kufika kumapazi 30. Siitamuka. Lebulo ikuti W30 koma musaitsatire."

Mawu akuti "mbali imodzi" ndinawawonjezera wina atandifunsa ngati 15.5 ndi ya mwana wa sitandade wani. Kwa a ku Zobue ndimatembenuza tepi nkulemba masentimita, chifukwa atelala a ku Mozambique amayeza choncho. Inchi imodzi ndi masentimita 2.54, ndiye 15.5 imakhala 39 ndi kakanthu. Tepi yomweyo ndimaiyerekeza ndi rula ya kusukulu mwezi ndi mwezi. Matepi otchipa aja amatamuka akakalamba, ndipo tepi yotamuka imakuuza kuti chovala ndi chaching'ono kuposa mmene chilili.

Za kutamuka kwa nsalu ndiye nkhani imene imandivutabe. Jinzi ikakhala ndi ulusi wa lasitiki, umene palebulo amaulemba 1% kapena 2%, nambala imodzi siikwanira. Ndimayeza mahipi ili phee, kenako ndimaikoka ndi manja awiri mosakakamiza nkuyezanso, nkulemba zonse: 19, imafika 20.5. Ndikaisiya ndimayang'ana ngati yabwerera. Lasitiki wa kaunjika nthawi zina amakhala atafa kale. Umamudziwa ndi timafunde pa ntchafu ndi m'mawondo, timene simbi siyitha kutichotsa, kapena timaulusi toyera totuluka ngati ndevu za mphaka. Jinzi yotero imakwana bwino m'mawa, pofika masana yakhwefuka, munthu akuyenda akuikweza. Ndimalemba kuti "lasitiki watopa" nkutsitsa mtengo. Mnzanga amene timakwera naye minibasi ya ku Limbe amati ndimadziwonongera ndekha malonda. Mwina akunena zoona. Iye amangolemba "fiti zonse" ndipo katundu wake amatha msanga kuposa wanga.

Chinthu chimodzi ndinasiya: kufunsa munthu miyezo ya thupi lake. Ambiri alibe tepi, ena amakoka mimba poyeza, ena amapereka nambala ya zaka zitatu zapitazo asanabereke, ndipo palibe amene amakonda kuuza mlendo pafoni kukula kwa mahipi ake. Komanso nambala ya thupi si nambala ya chovala. Nsalu yosatamuka imafuna malo otsala oti munthu akhale pansi nkupuma. M'malo mwake ndimati: tengani jinzi imene mumaikonda, imene mumavala osaganiza, muiyale, muyeze malo asanu omwewa. Tikatero tikuyerekeza thalauza ndi thalauza, ndipo malo opumira ali kale m'katimo. Wopanda tepi ndimamuuza atenge chingwe ndi rula ya mwana wasukulu, kapena adutse nayo kwa telala. Ena amatero. Ena amayankha kuti "aaa, zonsezi chifukwa cha jinzi?" nkusowa. Amenewo ndimawasiya apite, ngakhale kuti pamapeto a mwezi ndimawakumbukira.

Mphunzitsi uja anayeza yake. Anatumiza chithunzi tepi ili pamwamba: chiuno 15, mahipi 20 ndipo imatamuka, ntchafu 12, mphanda kufika palamba 11. Ndinalemba manambalawo kuchikuto cha kope langa la ngongole. Ulendo wotsatira wa ku Limbe ndinapita ndi tepi m'khosi ngati telala, anyamata a pabelo akundiseka, ine ndikuyeza m'kati mwa chipwirikiti anthu akulandana. Ndinapeza yakuda: 15, 20, 12, ndi 11.5. Ndinamutumizira manambala ndisanatumize chithunzi. Anayankha kuti alipira ikafika nkuiyesa, osati isanafike, ndipo sindinatsutse.

Ya buluu ija inakhala pa hang'ala milungu itatu. Anadzaigula mtsikana wa fomu folo wa kuseri kwa nyumba yathu, wowonda ngati bango, pa K12,000. Ndinayamba kumuwerengera manambala, sanamvetsere nkomwe. Anaizunguliza m'khosi, nkulowa nayo kuchipinda kwa amayi kukayesa.