Mbiri Yanga Tsopano Imalankhula ndi Kasitomala

Pamene ndinkayamba ntchito yowerengera ndalama, munthu ankadziwika ndi mapepala. Tikaona mu nyuzipepala ya Daily Times kuti kwinakwake akufuna anthu, tinkataipitsa mbiri yathu, kujambulitsa masatifiketi, n'kukaponya envulopu ku positi. Wowerenga anali bwana wolemba ntchito, ndipo ankafuna kudziwa kumene unaphunzira, kumene unagwirako, ndiponso amene angakuchitire umboni.

Lero ndine mlangizi woima pandekha, ndipo mbiri yanga ili pa LinkedIn, yomwe inayamba mu 2003. Anzanga ambiri amsinkhu wanga amangosamutsira mbiri yakale ija m'gawo la About, osazindikira kuti wowerenga anasintha. Amene akutsegula tsambalo tsopano ndi mayi wa holoselo ku Limbe yemwe walandira kalata ya chindapusa cha msonkho. Iyeyo sakufuna wantchito woti azimulipira mwezi ndi mwezi. Akufuna kudziwa ngati ndingamutulutse m'vutoli.

N'chifukwa chake ndinalembanso gawoli. Chiyambi choyenera bwana chinkati ndine katswiri wakhama, wodziwa kugwira ntchito ndi anzanga, amene akufunafuna mwayi watsopano. Kasitomala akawerenga mawu otsirizawa amaganiza kuti ulangiziwu ndikungodikirira nawo ntchito, ndipo ndikaipeza ndidzamusiya panjira. Chizindikiro cha Open to Work pachithunzi chimamuuzanso zomwezo, choncho ndinachichotsa.

M'malo mwake ndinayamba motere: "Ndimathandiza eni mashopu ndi maholoselo kukonza mabuku awo, kuti PAYE ifike ku MRA pofika pa 14, ndiponso VAT pofika pa 25 mwezi wotsatira, popanda chindapusa." Gawoli limalola zilembo 2,600, koma mizere yoyambirira yokha ndi imene imaoneka munthu asanadine see more. Vuto la kasitomala liyenera kukhala pamenepo, chifukwa ambiri sapitirira.

Pansi pake ndinafotokoza ntchito imodzi mwatsatanetsatane, osatchula dzina la mwini wake: malisiti anali obalalika, ndinawasanja, ndinaphunzitsa kalaliki kutumiza mafomu pa Msonkho Online, ndipo bizinesiyo inasiya kuchedwa. Ndinanenanso kuti sindichita kafukufuku wotsimikizira mabuku a makampani, kuti ofuna zimenezo asataye nthawi yawo. Maphunziro ndi umembala wanga wa ICAM ndinaziika kumapeto ngati umboni, motsatana ndi njira yondipezera.

Kuti mbiri yasintha munthu amadziwira pa mauthenga obwera. Kale ondilembera ankafunsa kuti ndingayambe liti ntchito. Masiku ano amafunsa mtengo wokonzera mabuku a miyezi itatu.

Inu amene mwasiya ntchito n'kuyamba ulangizi, werenganinso ziganizo ziwiri zoyamba za mbiri yanu. Ngati sizikutchula amene mumawathandiza ndi vuto limene mumawathetsera, zilembeninso.