Mamilimita Asanu Amene Anatisoŵetsa Tulo

Mayi a kunyumba kwathu anakhala miyezi itatu akumva kupweteka kunsi kwa nthiti za kumanja, makamaka akadya nyama yonona. Potsiriza tinapita nawo kuchipatala, kumene anawajambula m'mimba ndi makina a sikani, natipatsa pepala loti tikaonetse dokotala m'maŵa mwake.

Ife, pokhala mphunzitsi, sitinadikire. Usiku tinaŵerenga tokha pepalalo, ndipo tinapeza mawu aŵiri otiopsa. Oyamba anati m'thumba la ndulu muli miyala, waukulu wa mamilimita 12. Achiŵiri anati chikopa cha thumbalo chachindikala kufika mamilimita 5. Tinatenga rula ya kusukulu, tinaŵerenga timizere tisanu, ndipo tinagona tikuganiza zogulitsa mbuzi zimene tinasungira fizi ya mwana wathu.

M'maŵa dokotala anafunsa funso limodzi: “Kodi amayi anadya asanajambulidwe?” Tinavomera mwamanyazi kuti ulendo unali wautali, ndipo ife tomwe tinawagulira tiyi wamkaka ndi mandasi panjira, ngakhale anatiuza kuti abwere osadya.

Pamenepo anatiphunzitsa. Thumba la ndulu lili kunsi kwa chiŵindi, ndipo limasunga ndulu yothandiza kugaya mafuta. Munthu akadya, thumbalo limadzifinya kuti litulutse ndulu, ndipo likafota chikopa chake chimaoneka chochindikala ngakhale chilibe nthenda. N'chifukwa chake amati munthu asadye kwa maola 6 kapena 8. Mwa munthu wosadya, chikopacho sichiyenera kupitirira mamilimita 3.

Anatinso nambala yokha siigamula mlandu. Thumba lotupadi limakhala ndi mboni zina: wodwala amamva ululu woopsa wojambula akakanikiza pamalopo, thupi limatentha, ndipo nthaŵi zina pamaoneka madzi mozungulira thumbalo. Pepala lathu linati zonsezi palibe. Ndiponso chikopacho chingachindikale chifukwa cha nthenda ya chiŵindi kapena ya mtima, ndulu ilibe mlandu.

Anawajambulanso ali ndi njala, ndipo chikopa chinapezeka cha mamilimita 2. Koma miyala inalipobe. Dokotala anati miyala imene siipweteka kaŵirikaŵiri amangoisiya, koma popeza ya mayi imawavutitsa, thumbalo lidzachotsedwa pa tsiku loikika, mosathamanga. Pakali pano achepetse zamafuta. Anatichenjeza kuti ululu ukapitirira maola 6, thupi likatentha, maso akachita chikasu kapena mkodzo ukada ngati tiyi, tibwere msanga ngakhale usiku, pakuti mwala ungakhale utatseka njira ya ndulu.

Ife timaphunzitsa ana kumvera malangizo asanayambe kulemba mayeso, koma tinalephera pomwepo. Tsono abale ndi alongo, mukatumidwa kukajambulitsa m'mimba, funsani ngati muyenera kupita osadya, ndipo ngati mwadya nenani zoona. Mbuzi zija zikali m'khola, ndipo tiyamika Ambuye pamene tikudikira tsiku la opaleshoni.