Imelo ya ku Lilongwe ikamalowa pa gulupu yathu

Imelo ya ku ofesi imakhala ngati munthu wopita ku chinkhoswe. Imavala jekete, imayamba ndi malonje, ndipo chomwe yabwerera imachinena anthu atakhazikika kale pa mphasa. Meseji ya pa WhatsApp ndi munthu yemweyo mwakumana naye pa sitolo, wavula jekete, akulankhula ali chiimire. Vuto n'lakuti ena pomuvula jekete amamuvula ndi malaya omwe, ndiye anthu sakumuzindikiranso kuti ndi mthenga wa ku ofesi.

Ine ndimagwira ntchito ndi magulu a alimi a mtedza ndi soya kuno ku Namitete, pa msewu wa M12 wopita ku Mchinji. Tilipo asanu: awiri pano, mmodzi ku Nsaru, wina ku Kabudula, wina ku Mpingu. Maimelo a ku likulu lathu ku Lilongwe amafikira ine chifukwa laputopu ya ofesi ili kwa ine. Anzangawa tsiku lonse ali pa njinga yamoto m'midzi, ndipo nthawi zambiri amagula bandulo ya WhatsApp yokha ya TNM kapena Airtel, yomwe siitsekula imelo. Choncho kalata iliyonse imayenera kudutsa m'manja mwanga n'kusanduka meseji yoti munthu awerenge ataima pansi pa mtengo wa mango, injini isanazizire.

Nayi imodzi yomwe inafika Lolemba lina m'mwezi wa Meyi, nthawi yokumba mtedza. Inali ya m'Chingerezi, koma m'Chichewa ikanamveka chonchi:

"Okondedwa nonse, ndikhulupirira kuti muli bwino. Poyamba ndikuthokozeni chifukwa cha ntchito yotamandika yomwe mukugwira m'nyengo ino yokolola. Monga mukudziwa, tinakonza maphunziro a kaumitsidwe ka mtedza pofuna kupewa chuku, omwe amayenera kuchitika Lachinayi pa 15 Meyi ku Namitete. Pa zifukwa zina zomwe sitikanatha kuzipewa, maphunzirowa asunthidwa kufika Lachisanu pa 16 Meyi, ndipo achitikira ku Nsaru kuyambira 9 koloko m'mawa. Potero, mlangizi aliyense akupemphedwa kutumiza mndandanda wa alimi otsogolera khumi, pa fomu yomwe ndaiphatikiza, pasanafike 12 koloko masana Lachitatu pa 14 Meyi. Chonde dziwani kuti mlimi yemwe nambala ya chiphaso chake cha unzika siidzaoneka pa fomuyi sadzabwezeredwa ndalama zoyendera. Tikupepesa chifukwa cha chisokonezo chomwe kusinthaku kungabweretse. Ine wanu pa ntchito."

Palibe cholakwika ndi kalatayi. Imelo imasungidwa, tsiku lina ofufuza za chuma adzaifuna, ndiye iyenera kuvala jekete. Koma mukaikopera yonse pa gulupu, munthu woyang'ana foni ikangolira aona mizere yoyambirira yokha, ya "ndikhulupirira kuti muli bwino", n'kuibweza m'thumba kuti awerenga madzulo. Ndipo nkhani ya chiphaso, yomwe ndi imene ingakhumudwitse mayi wokwera kabaza kuchokera kutali, yakhala kumchira kwenikweni.

Ndisanafufute liwu lililonse, ndimafunsa kuti: mnzanga akawerenga izi, achite chiyani, ndipo akapanda kuchita, avulala ndani? Pa kalata iyi mayankho ake ndi atatu basi. Tsiku ndi malo zasintha. Mndandanda ukufunika Lachitatu masana. Wopanda nambala ya chiphaso salandira ya thiransipoti. Kuthokoza, "monga mukudziwa", zifukwa zosapeweka, kupepesa, zonsezo ndi jekete. Kenako ndimasintha ndondomeko. Imelo imayamba ndi mbiri n'kumalizira pa chochita; meseji iyambe ndi chomwe chasintha, chifukwa mzere woyamba ndi umene umaoneka foni isanatsekulidwe.

Yomwe ndinatumiza inali iyi:

"Akuluakulu mwaswera? Maphunziro a mtedza asintha: tsopano ndi *Lachisanu pa 16 Meyi, ku Nsaru, 9 koloko m'mawa* (osati Lachinayi ku Namitete). Aliyense atumize kwa ine mayina a alimi otsogolera 10 *isanakwane 12 koloko masana Lachitatu pa 14*, pamodzi ndi nambala ya chiphaso cha unzika cha aliyense. Mlimi wopanda nambala sabwezeredwa ya thiransipoti, ofesi yanenetsa. Fomu ikubwera pansipa. Mukaona, ikani chala. Zikomo."

Nyenyezi ziwirizo si zokongoletsera. Pa WhatsApp mawu otsekeredwa pakati pa nyenyezi amatuluka okhuthala, ndipo ndimakhuthalitsa malo awiri okha. Mukakhuthalitsa zonse ndi chimodzimodzi kukuwa mu minibasi: palibe akumva liwu lenileni.

Pomwe pali ntchito yeniyeni ndi pa mneni. Chichewa chathu chimanyamula ulemu m'kati mwa liwu, ndiye sitifunika ziganizo zitatu kuti tioneke aulemu monga chimachitira Chingerezi cha mu ofesi. Taonani mawu awa: tumiza, tumizani, mutumize, mutumizeko. "Tumiza" ndi wa kwa mwana kapena mnzako wa pa bawo. Pa gulupu yathu pali bambo wa ku Kabudula yemwe anayamba ulangizi ine ndili ku pulayimale, ndipo ngakhale timaseka limodzi, sindingamulembere choncho ena akuona. "Tumizani" ndi waulemu koma wouma, umamveka ngati ine ndadzikweza kukhala bwana, pomwe ndine wongolandira makalata. "Mutumizeko" ndi wokoma kwambiri, ndipo ngozi ili pomwepo. Ka "-ko" kaja kamasandutsa lamulo kukhala pempho la pa chibale, ngati mukuti mundigawireko mchere. Munthu akhoza kukana mchere popanda mlandu. Imelo inati "akupemphedwa", koma aliyense wogwira ntchito mu ofesi amadziwa kuti kupempha kwa bwana kokhala ndi tsiku ndi ola si kupempha. Ndiye ndimasankha "mutumize" kapena "aliyense atumize": ulemu ulipo, mphamvu ya lamulo siinachoke. Ka "-ko" ndimakasungira zinthu zomwe zilidi zakufuna kwa munthu, monga "amene adutse pa Msundwe atigulireko tomato".

Liwu lina loyenera kulichenjerera ndi "akuti". Ndi lalifupi, limabwera lokha pa chala: "akuti titumize mayina". Koma "akuti" ndi liwu la mphekesera. Limauza owerenga kuti iwe wolembawe sukuzikhulupirira kwenikweni, kapena ukuwanyogodola eni ake kumbali. Chimodzimodzi "ajawa ayambanso". N'zoseketsa, inde, koma meseji imajambulidwa n'kutumizidwa kwina, ndipo imakafika yopanda nkhope yako yosonyeza kuti unkangocheza. "Ofesi yanenetsa" imanena mwini lamulo popanda kumunyoza, komanso imanditeteza ine: mlimi akadzadandaula, mnzanga adziwa kuti sindine ndinapeka za chiphaso.

Nanga ubwenzi ukhala pati? Kwa ine malonje a mawu awiri akwana. Kwathu kuno kuyamba nkhani osapereka moni ndi mwano, ngakhale pa foni, koma "mwaswera?" m'mzere womwewo ndi moni wathunthu. Chomwe chimatopetsa ndi kutumiza "Muli bwanji akuluakulu" payekha, n'kudikira anthu anayi ayankhe, kenako "ndili ndi nkhani", kenako nkhaniyo m'zidutswa zisanu ndi chimodzi. Mnzathu wa ku Kabudula netiweki imamupeza mwa apo ndi apo. Akatsekula foni apeza mameseji makumi atatu, tsiku lili m'chidutswa china, malo ali m'china, pakati pali zomata zoseketsa. Nkhani imodzi, meseji imodzi.

Pa chifukwa chomwecho "mawa" ndi "mkuja" ndimawapewa. Ine ndalemba Lolemba madzulo, wina awerenga Lachiwiri m'mawa foni itachokera kotchajitsa, ndiye mkuja wake ndi Lachinayi pomwe wanga ndi Lachitatu. Dzina la tsiku ndi deti zimadya malo pang'ono, koma sizisuntha. Ndipo tsiku lakale ndimalitchula dala, "osati Lachinayi ku Namitete", chifukwa anzanga anauza kale alimi za Lachinayi. Wowerenga mothamanga akangoona tsiku limodzi amaganiza kuti ndi chikumbutso cha zomwe akudziwa kale. Akaona "osati", amadziwa kuti pali anthu khumi oti awaimbire.

Mungadziwe bwanji kuti mwadula mopyola? Mayankho amakuuzani. Meseji yabwino imabweza zala zinayi ndi chete. Ikabweza "ndiye ndi liti?", "titumize kwa ndani?", "tonse kapena a ku Nsaru okha?", ndiye kuti mwataya fupa pamodzi ndi mafuta. Onani kuti imelo ija siinanene kotumiza mndandanda, popeza pa imelo munthu amangoyankha pomwepo. Pa gulupu zimenezo kulibe, ndiye "kwa ine" ndinachita kuwonjezera. Kufupikitsa nthawi zina kumafuna kuika liwu lomwe mu kalata munalibe. Chizindikiro china ndi choopsa kuposa: onse ayankha "chabwino bwana" ndi nkhope zoseka, koma Lachitatu masana palibe watumiza. Apo mawu anafewa kwambiri, anthu anamva ngati macheza.

Timizere tiwiri tabuluu sindimatidalira. Pa gulupu mukhoza kudina meseji yanu n'kusankha Info kuti muone amene yawafika ndi amene aitsekula, koma kutsekula si kuwerenga. N'chifukwa chake ndimapempha chala. Munthu sangachiike asanafike kumapeto komwe ndachipemphako. Mukaona kuti deti mwalemba molakwika, WhatsApp imalola kukonza ndi Edit m'mphindi 15 zokha, ndipo siidziwitsa amene anawerenga kale kuti mwasintha. Ngati wina waona kale, bola kulemba meseji yatsopano yonena poyera kuti deti lolondola ndi ili. Ya nthawi yoikika ngati iyi ndimaikhomanso pamwamba ndi Pin kwa masiku 7, kuti isamire m'zithunzi za milu ya mtedza.

Pali zina za mu imelo zomwe siziyenera kufupikitsidwa n'komwe, zimangofunika kusalowa pa gulupu. Kalata ikatchula kuti wakutiwakuti sanatumize lipoti la mwezi watha, imeneyo ndi foni ya awiri, osati chilengezo. Ndipo mayina a alimi ndi manambala a ziphaso zawo ndinati abwere kwa ine, osati pa gulupu, chifukwa mafoni athu amabwerekedwa ndi ana ndi alamu, pomwe alimiwo anapereka manambalawo kwa mlangizi wawo yekha.

Imelo yeniyeniyo sindiitaya. Ndimaijambula n'kuiika pansi pa meseji pamodzi ndi fomu, kuti wofuna kuona mawu a bwana mmene alili awaone. Mwa anayiwo amaitsekula ndi mmodzi, bambo wa ku Kabudula uja, ndipo amaiwerenga yonse mpaka pa "ine wanu pa ntchito".